Mapiritsi a kashiyamu ndi mantha a miyala ya mu impso

"Ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala ku Nkhotakota. Chaka chatha ndinaterereka kubafa n'kuthyoka mkono pafupi ndi chikhatho. Atachotsa chikhakha adokotala anati mafupa anga ndi ofooka, ndizimwa kashiyamu wosakaniza ndi vitamini D, mapiritsi awiri pa tsiku. Pa botolo palembedwa 1250 mg ndi 400 IU. Ndimamwa onse awiri pogona kuti ndisaiwale. Koma achimwene anga anavutikapo ndi mwala wa mu impso, ndiye mwana wanga akuti ndisiye chifukwa kashiyamu ndi amene amapanga miyalayo. Ndimamwanso mankhwala a BP. Ndisiye kapena ndipitirize?"

Mayi, mtima pansi. Musasiye mankhwalawo, ndipo mwana wanunso musamukalipire, chifukwa zimene wamva zili ndi choonadi pang'ono. Chofunika kusintha kwa inu ndi nthawi imene mumamwera. Piritsi limodzi lizipita ndi nsima ya masana, linalo ndi chakudya cha madzulo, ndipo madzi muziwamwa ambiri kuposa mmene mukuchitira panopa. Ndifotokoza chifukwa chake bwinobwino, pakuti ndaona kuti munthu akamvetsa chifukwa saiwala, pomwe lamulo lopanda chifukwa limatha ndi sabata imodzi.

Tiyambe ndi botolo lanulo. Nambala ya 1250 mg ndi kulemera kwa mankhwala onse a m'piritsimo, omwe ndi kashiyamu kaboneti. Kashiyamu weniweni ndi magawo 40 pa 100 aliwonse a mankhwalawo, ndiye kuti piritsi lililonse likukupatsani 500 mg. Mukatembenuza botolo mupeza nambala ya 500 italembedwa penapake ndi tizilembo ting'onoting'ono. Mapiritsi anu awiri akukwana 1000 mg pa tsiku. Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri amabwera atachita mantha kuti akumwa 2500 mg, ena n'kudula okha mankhwala. Mayi woposa zaka 50 amafunika kashiyamu pafupifupi 1200 mg pa tsiku, kuphatikiza wa m'chakudya ndi wa m'mapiritsi, ndipo malire amene sitifuna kuti adutse ndi 2000 mg. Inu muli pakati pa malirewo, pokhapokha ngati mukumwanso zina zokhala ndi kashiyamu osadziwa, monga mapiritsi otafuna a chilungulira, omwe ambiri mwa iwo ndi kashiyamu kaboneti yemweyu.

Tsono vuto la kumwa onse awiri nthawi imodzi ndi ili. Matumbo ali ndi muyeso wa kashiyamu amene angathe kulowetsa m'magazi pa nthawi imodzi. Ganizani za kuthira madzi m'botolo la pakamwa pang'ono. Mukathira pang'onopang'ono amalowa onse, mukakhuthula ndowa yonse ambiri amatayikira pambali. Munthu akamwa 300 mg thupi limatenga pafupifupi magawo 36 pa 100, koma akamwa 1000 mg nthawi imodzi limangotenga magawo 28 pa 100. N'chifukwa chake timati osapitirira 500 mg pa kumwa kumodzi, ndipo pakati pa piritsi loyamba ndi lachiwiri pazidutsa maola anayi kapena kuposerapo. Wotsala m'matumboyo ndi amene amatupitsa mimba ndi kulimbitsa chimbudzi. Ngati mwakhala mukudzimbidwa chiyambireni mankhwalawa, kugawa kokhaku kumachepetsa vutolo kwa anthu ambiri.

Palinso chifukwa chachiwiri. Kashiyamu kaboneti ndi wofanana ndi choko, ndipo sasungunuka bwino popanda asidi wa m'mimba. Asidiyo amachuluka mukamadya. Piritsi lomwedwa pogona, patadutsa maola awiri kapena atatu chidyereni, limapeza m'mimba mulibe kanthu, ndiye limasungunuka movutikira. Pali mtundu wina, kashiyamu sitireti, umene sufuna asidi, ndipo ndi umene timasankhira anthu omwe akumwa mankhwala ochepetsa asidi monga omepurazo. Koma ndi wodula, sapezekapezeka m'mafamase athu a m'maboma, komanso kashiyamu wake ndi magawo 21 okha pa 100, choncho mapiritsi amachuluka. Amene muli nayewo ndi wabwino, bola adzipita ndi chakudya.

Tsopano za miyala, zomwe ndi zimene zikukusowetsani tulo. Miyala yambiri ya mu impso, pafupifupi itatu pa inayi iliyonse, imapangidwa ndi zinthu ziwiri zikagwirana mu mkodzo, kashiyamu ndi mchere wina wa m'zomera wotchedwa okisaleti. Okisaleti ndi wambiri mu bonongwe, sipinachi, mtedza, mbatata ndi tiyi wakuda wothira masamba ambiri. Mukamva dzina la mwala kuti ndi wa kashiyamu, nzeru yoyamba imati tichepetse kashiyamu, ndipo madokotala nawo ankalangiza chomwecho kwa zaka zambiri. Zinapezeka kuti ankalakwitsa. Ku Italy anatenga amuna 120 amene miyala inkawabwererabwerera, theka anawauza kuti achepetse kashiyamu m'chakudya, theka lina kuti azidya kashiyamu wokwanira koma achepetse mchere ndi nyama. Zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Patatha zaka zisanu, mwa 60 ochepetsa kashiyamu aja miyala inabwerera kwa 23, pomwe mwa 60 enawo inabwerera kwa 12 okha.

Chimachitika n'chakuti kashiyamu ndi okisaleti amagwirana kulikonse kumene akumana. Akakumana m'matumbo, pa chakudya chimodzi, amagwirana komweko n'kutuluka ndi chimbudzi, osafika n'komwe ku impso. Koma mukadya ndiwo ya bonongwe wotendera masana m'mimba mulibe kashiyamu, okisaleti amalowa yekha m'magazi n'kukafika ku impso. Usiku mukamwa mapiritsi awiri pa njala, kashiyamu nayenso amalowa yekha n'kukatsikira mu mkodzo, pa nthawi imene simukumwa madzi kwa maola asanu ndi atatu ndipo mkodzo ndi wokhuthara kuposa nthawi ina iliyonse. Kamwedwe kanu ka panopa kakukumanitsa awiriwa pamalo olakwika. Mukasunthira piritsi pa mbale ya nsima, lomwelo limayamba kugwira okisaleti wa m'ndiwo zanu.

Sindikubisirani kuti mapiritsi ali ndi chiopsezo chake. Kafukufuku wamkulu wa ku America, wa amayi oposa 36,000 amene anasiya kusamba, anatulutsa zotsatira mu 2006. Theka ankamwa kashiyamu 1000 mg ndi vitamini D 400 IU tsiku lililonse, theka lina mapiritsi opanda mankhwala, kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Miyala inachulukirapo ndi magawo 17 pa 100 kwa omwa kashiyamu. Nambala imeneyi ndi imene imayenda m'makutu mwa anthu. Koma tiiwerenge monga timawerengera anthu pa msonkhano wa m'mudzi. Mwa amayi 1000 osamwa kashiyamu, pafupifupi 21 anapezeka ndi mwala pa zaka zonsezo. Mwa amayi 1000 omwa, anali pafupifupi 25. Kusiyana kwake ndi amayi anayi. Komanso amayi amenewo ankapeza kale kashiyamu woposa 1000 mg pa tsiku asanayambe n'komwe kafukufukuyu, kudzera mu mkaka, tchizi ndi mapiritsi awo ena, ndiye ambiri anafika cha m'ma 2000. Kwathu kuno, kumene kondowole, mpunga ndi nsima ya ufa woyera zilibe kashiyamu wokwanira ndipo mkaka timangodonthezera mu tiyi, timayambira pansi kwambiri. Mbali inayo ya sikelo ilinso ndi kulemera kwake. Mayi amene wathyoka mkono pongoterereka, fupa lotsatira likhoza kukhala la m'chiuno, ndipo kuthyoka kwa chiuno kumagoneka munthu miyezi, ena osadzayendanso monga kale.

Ndalemba kale za madzi, ndipo apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa kunyanja kuno ndi pamene pagona nkhani. Anthu amene ndawaona akubwera atapindika, dzanja lili pa nthiti za kumsana, thukuta lili kamukamu, ambiri sanamwepo piritsi la kashiyamu chibadwire. Ndimakumbukira bambo wina wogwira ntchito m'munda wa nzimbe amene anabwera mwezi wa Novembala akugubuduka pa benchi ngati mayi wa pakati. Nditamufunsa za madzi anati amamwa tiyi m'mawa, kenako kapu imodzi kapena ziwiri pa nkhomaliro, basi. Mkodzo umene anabweretsa m'kabotolo unali wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala ku Nkhotakota ndi ku Salima limatulutsa madzi m'thupi kudzera m'thukuta, impso n'kutsala ndi ochepa osungunulira mchere. Mwala umayamba monga mmene mchere umatsalira pansi pa poto madzi akaphwa.

Chimene tikufuna ndi chakuti muzikodza malita awiri kapena awiri ndi theka pa tsiku. Kuti zimenezi zitheke muyenera kumwa pafupifupi malita atatu, ndipo nyengo yotentha kuposerapo. Musavutike ndi kuwerenga makapu. Dzazani mabotolo awiri a lita imodzi ndi theka m'mawa, loyamba lithe pofika masana, lachiwiri lithe musanagone, kapu yomaliza ikhale ya pogona ngakhale zitanthauze kudzuka kamodzi usiku. Mkodzo ndi umene ukuuzeni ngati zakwana. Ukhale woyererako, wachikasu pang'ono chabe. Ukada ndiye kuti mwatsalira. Kufinyiramo ndimu kumathandiza, chifukwa ndimu ili ndi sitireti amene amalepheretsa timiyala kugwirana. Ena amaopa madzi a pa mjigo akaona zoyera pansi pa ketulo, n'kumamwa pang'ono dala. Kumwa pang'onoko n'kumene kumabweretsa miyala. Chenjezo limodzi lokha, ngati adokotala anakuuzanipo kuti muli ndi vuto la mtima kapena la impso ndipo muzichepetsa madzi, mawu awo ndi amene mutsatire.

Mchere nawo muuchepetse. Impso zikamataya mchere wochuluka zimakokera kashiyamu mu mkodzo, ndiye mchere umalanda fupa n'kupatsa mwala. Muyeso ndi magalamu asanu pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo wa m'nsomba zouma zothira mchere ndi timabuloko tokometsera ndiwo. Kwa inu phindu lake ndi lapawiri chifukwa BP nayo imatsika. Bonongwe ndi mtedza musazisiye. Muzingodya pa muyeso, pa chakudya chimene chili ndi piritsi lija kapena usipa. Chimene ndingakuletseni ndi mapiritsi akuluakulu a vitamini C, a 1000 mg aja amene anthu amagula akamva chimfine, chifukwa thupi limasandutsa mbali ina ya vitamini C wochulukayo kukhala okisaleti.

Za vitamini D sizovuta. Ntchito yake ndi kutsegulira kashiyamu njira m'matumbo. Akasowa, thupi limangotenga magawo 10 mpaka 15 pa 100 a kashiyamu amene mwadya, akakwana limatenga 30 mpaka 40. Mapiritsi anu awiri akukupatsani 800 IU, zomwe zikukwanira bwino, pakuti muyeso wa tsiku ndi 600 IU mpaka zaka 70 ndi 800 IU kupitirira apo. Sikuti vitamini D ayenera kulowa m'mimba mphindi imodzi ndi kashiyamu kuti agwire ntchito. Amayamba wadutsa ku chiwindi ndi ku impso kukakonzedwa, ndipo amakhala m'thupi masabata angapo. Anangowaika m'piritsi limodzi kuti musavutike. Amalowa bwino ndi chakudya cha mafuta pang'ono, choncho nsomba yokazingira kapena ndiwo zotendera zikumuthandizanso. Dzuwa lathu limapangitsa khungu kupanga vitamini D wambiri, ndipo mayi wopita kumunda kapena kunyanja kawirikawiri sasowa. Amene ndimawadera nkhawa ndi agogo ongokhala m'nyumba, odwala ogonekedwa nthawi yaitali, ndi amene amavala zophimba thupi lonse n'kumakhalanso pamthunzi tsiku lonse. Mafuta ophikira ndi shuga wa m'sitolo anawonjezeramo vitamini A, musaganize kuti ndi D.

Musawonjezere vitamini D wina pamwamba pa ameneyu popanda kuyezedwa. Malire ndi 4000 IU pa tsiku. Pali makapisozi a 50,000 IU omwe amamwedwa kamodzi pa sabata kwa nthawi yochepa, ndipo achibale a kunja amakonda kuwatumiza. Munthu akamamwa amenewa tsiku lililonse pamodzi ndi kashiyamu, kashiyamu amasefukira m'magazi. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, nseru, kudzimbidwa kwambiri, kufooka, ndipo kwa achikulire kusokonezeka mutu. Izi zikaoneka siyani mapiritsi tsiku lomwelo mupite kuchipatala.

Mankhwala a BP simunawatchule dzina, ndiye kayang'aneni m'buku lanu la kuchipatala. Ngati palembedwa HCT kapena HCTZ, kapiritsi kokodzetsa kaja, pali zabwino ndi zofuna kusamala. Kamachepetsa kashiyamu wotayika mu mkodzo, mpaka timapatsa dala anthu amene miyala imawabwererabwerera. Koma chifukwa chomwecho kashiyamu akhoza kukwera m'magazi mwa munthu amene akumwanso mapiritsi a kashiyamu ndi vitamini D, ndiye kuyeza magazi kumafunika. Ngati ndi amulodipini kapena enalapulo, palibe chosintha. Mankhwala amene amakangana kwenikweni ndi kashiyamu ndi ena, chifukwa amawagwira m'matumbo monga amagwirira okisaleti. Mapiritsi owonjezera magazi azitalikirana naye maola awiri. Pa mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, sipuro muzimwa maola awiri musanamwe kashiyamu kapena maola asanu ndi limodzi mutamwa, ndipo dokisi naye asamwedwe nthawi imodzi ndi kashiyamu. Mankhwala a chithokomiro amafuna maola anayi. Ndiwonjezere za ma ARV, kaya za inu kaya za wina wowerenga, chifukwa n'zofunika kwambiri. TLD ili ndi dolutegulaviya, amene kashiyamu amamugwira zikamwedwa limodzi pa njala, mphamvu ya mankhwala n'kuchepa. Njira yosavuta ndi kumwa TLD m'mawa, maola awiri kapena kuposerapo kashiyamu woyamba asanamwedwe, ndi kuwauza a ku kiliniki kuti mwayamba kashiyamu.

Tsiku lanu likhoza kuyenda chonchi. M'mawa mankhwala a BP ndi kapu yaikulu ya madzi. Masana, mutadya mbamu ziwiri zitatu za nsima kapena kondowole, mezani piritsi loyamba n'kupitiriza kudya. Madzulo chimodzimodzi. Munati mumamwa pogona kuopa kuiwala, ndiye chotsani botololo kuchipinda mukaliike pamene pamakhala mchere kapena mbale zodyera, pouma komanso posafika adzukulu. Mukaiwala la masana musaphatikize awiri madzulo, lisiyeni lipite. Fupa silimangidwa ndi tsiku limodzi, ndipo kuphonya piritsi limodzi sikuwononga kanthu.

Ine ndimakondwa kwambiri kashiyamu akamachokera m'mbale, ndipo inu a kunyanja muli ndi mwayi umene a kumtunda amaugula modula. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga ndi mitu yomwe ndi kashiyamu weniweni, pomwe chambo chochotsa minga chili ndi wochepa. Usipa wouma mungausinje n'kumathira m'phala kapena m'ndiwo zamasamba. Kapu ya mkaka kapena chambiko ya mamililita 250 ili ndi pafupifupi 300 mg. Mawere, malambe, mpiru, repu ndi chammwamba zimawonjezerapo. Ngati mungakwanitse kapu ya mkaka tsiku lililonse ndi usipa masiku ambiri pa sabata, kambiranani ndi adokotala anu ngati piritsi limodzi pa tsiku lingakwane. Nthawi zambiri limakwana, ndipo chiopsezo cha mwala chimatsikiratu. Koma chisankho chimenecho mupangire limodzi ndi amene akukuonani. Muwafunsenso ngati simukufunika mankhwala enieni olimbitsa mafupa monga alendironeti, chifukwa kwa munthu amene wathyoka kale, kashiyamu ndi vitamini D paokha nthawi zambiri sakwanira kuteteza fupa lotsatira.

Za achimwene anu, n'zoona kuti miyala imayenda m'magazi mwa banja, ndipo chiopsezo chanu n'chokwererako kuposa cha mnzanu amene kwawo kulibe. Ichi ndi chifukwa chokwanira choti mukayezetse ulendo wotsatira. Pemphani zinthu zitatu: kashiyamu wa m'magazi, kagwiridwe ntchito ka impso, ndi mkodzo. Kuyeza kashiyamu wa m'magazi ndikukulimbikira pa chifukwa china. Pakhosi, kuseri kwa chithokomiro, pali tiziwalo tinayi tating'ono ngati njere za mpunga timene timayang'anira kashiyamu. Kamodzi kakayamba kugwira ntchito mopyola muyeso kamakokolola kashiyamu m'mafupa n'kumuthira m'magazi ndi mu mkodzo. Zotsatira zake ndi mafupa ofooka pamodzi ndi miyala, ndipo vutoli limakonda amayi a msinkhu wanu. Munthu wotere safunika mapiritsi owonjezera, amafunika chithandizo china. Ngati kuchipatala cha boma ku Nkhotakota kuyeza kumeneku sikukutheka tsiku limenelo, pemphani kuti akulembereni kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Sikani ya pamimba imaonetsa ngati mu impso muli kale mwala umene wangokhala chete.

Muzidziwanso mmene mwala umadzionetsera. Ululu wake umayamba mwadzidzidzi kumsana, pansi pa nthiti mbali imodzi, n'kumatsikira ku chinena, umabwera n'kumapita ngati mafunde, ndipo munthu sapeza kagonedwe komupatsa mpumulo. Nthawi zambiri pamakhala nseru ndi magazi mu mkodzo. Kunyanja kuno magazi mu mkodzo timafulumira kunena kuti ndi likodzo, ndipo kawirikawiri ndi likodzodi, koma magazi a likodzo amakonda kubwera kumapeto kwa kukodza popanda ululu woopsa wa m'nthiti. Kaya ndi chiti, kayezetseni, musangogula mankhwala. Ululu wotere ukabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena kusanza kosalekeza, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, musadikire kuti kuche, chifukwa impso yotsekeka yokhala ndi matenda imawononga munthu m'maola ochepa. Timiyala tosakwana mamilimita asanu, tochepera njere ya nandolo, nthawi zambiri timatuluka tokha m'masabata ochepa. Zikadzachitika muzikodzera m'chitini n'kusefa pa kansalu koyera, ndipo kamwalako mukakapeza mukasunge m'kabotolo mupite nako kwa adokotala, chifukwa mtundu wake ndi umene udzawauze ngati kashiyamu wanu apitirire, achepe kapena asinthidwe kukhala sitireti.